Adivati yakanidwa, akaunti yatsekedwa: chachitika n'chiyani, ndipo apilo timachita bwanji?

Adivati ikakanidwa pa Facebook, si mlandu waukulu. Zimachitikira aliyense, ngakhale makampani amene analemba ntchito anthu ongoyang'anira zotsatsa malonda tsiku lonse. Chimene chimaphetsa maakaunti ambiri ndi zomwe mwini bizinesi amachita mu ola lotsatira, mtima uli m'mwamba. Amatumizanso adivati yomweyo osasintha kanthu, kenako amasintha kalembedwe ka mawu kuti makina asawazindikire, ndipo zikavuta amatsegula akaunti ina pa foni yomweyo. Pofika madzulo, nkhani imene ikanatha pongochotsa chiganizo chimodzi yasanduka chiletso cha munthu yense.

Ndikamba kwambiri za Meta, kampani imene ndi mwini wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, chifukwa ndi komwe amalonda ambiri a kuno ku Mzuzu amaponya ndalama zawo akadina batani la Boost post. Za Google ndizitchula pang'ono kumapeto.

Amene amayamba kuona adivati yanu si munthu

Mukatumiza adivati, imalowa kaye mu gawo lounika, ndipo pa foni mumaona mawu akuti In review. Meta imanena kuti kuunikaku kumatha nthawi zambiri pasanathe maola 24, ngakhale nthawi zina kumapitirira. Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi makina. Makinawo amawerenga mawu amene mwalemba, amawerenganso mawu amene ali pa chithunzi kapena mu vidiyo, amaona chithunzicho, amaona zaka ndi dera la anthu amene mwasankha kuti uthengawo uwafikire, ndiponso amatsata linki kukaona tsamba limene kasitomala akafikire akadina. Zonsezi amaziyeza ndi malamulo otchedwa Advertising Standards.

Malamulo amenewa ndi osiyana ndi Community Standards, omwe amalamulira zimene munthu aliyense angalembe pa Facebook. A zotsatsa malonda ndi okhwima kuposa anzawowo. N'chifukwa chake positi yanu imatha kukhala bwinobwino pa peji kwa mwezi wathunthu, anthu n'kumaikonda ndi kuyankhapo, koma tsiku limene mwafuna kuilipirira ikanidwa. Ambiri amadabwa apa n'kumati, "Nanga bwanji sanaichotse kale?" Sanaichotse chifukwa ngati positi wamba sinalakwe. Yalakwa pamene yasanduka uthenga wolipira, umene Meta ikauike pamaso pa anthu amene sanaupemphe.

Chinanso n'chakuti kuvomerezedwa si chidindo cha muyaya. Adivati ingavomerezedwe m'mawa, iyende masiku awiri, kenako n'kuunikidwanso n'kukanidwa, mwina chifukwa anthu aidandaula kapena makina aionanso kachiwiri. Zikatero mumalipira gawo limene inayenda lokha. Imene yakanidwa isanayambe kuyenda siidya ndalama iliyonse, choncho palibe chothamangira.

Nkhani ya uchi wa ku Chibavi

Tiyerekeze mayi wina wa ku Chibavi amene amagulitsa uchi m'mabotolo, wina wosasakaniza, wina wothira jinja ndi ufa wa chammwamba. Ali ndi peji, ali ndi nambala ya WhatsApp, makasitomala ake ambiri ndi a ku Katoto, Luwinga ndi ogwira ntchito m'tauni. Mwana wa mchemwali wawo, amene amaphunzira ku Mzuni, ndi amene anawatsegulira pejiyo n'kuikapo khadi lake la ku banki. Asankha madola 2 patsiku kwa masiku 5, anthu a mu Mzuzu ndi madera ozungulira. Uthenga wake ndi uwu:

"Kodi muli ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi? Mwatopa ndi kunenepa? Uchi wathu wa chammwamba umachiza zonsezi m'masiku 14. Yesani lero!"

Pa chithunzi aika mkazi mmodzi kawiri, kumanzere ali wonenepa, kumanja ataphwa.

Mu uthenga waufupi chonchi muli zolakwa zitatu zosiyana, ndipo chimene anthu ambiri sachidziwa ndi choyambacho. Meta ili ndi lamulo lotchedwa Personal attributes. Limaletsa adivati kunena kapena kusonyeza ngati ikudziwa za moyo wa munthu amene akuiwerenga: matenda ake, chilema, chipembedzo, mtundu, msinkhu, mavuto a zachuma, mbiri ya milandu ndi zina zotero. Funso lakuti "Kodi muli ndi shuga?" likuloza wowerengayo chala. Kwa ife ndi mmene wamalonda aliyense amayambira, kaya pa wailesi kaya pa depoti, ndipo palibe amaona cholakwika. Kwa Meta nkhani ndi ina. Kampaniyi imasunga zambiri zokhudza anthu, ndipo siifuna kuti munthu wodwaladi shuga aone uthenga wotero n'kuganiza kuti Facebook yaulula matenda ake kwa wogulitsa uchi. Choncho mukhoza kufotokoza katundu wanu, koma simungafotokoze wowerenga. Lamulo lomweli limagwira wa ngongole amene walemba kuti "Kodi ngongole zakupanikizani?" ndi wokonza msonkhano wa mapemphero amene walemba kuti "Ndinu Mkhristu? Bwerani mudzakumane ndi Akhristu anzanu." Akanangolemba kuti kuli msonkhano wa mapemphero Loweruka ku Katoto, zikanadutsa.

Cholakwa chachiwiri ndi mawu akuti "umachiza" ndi lonjezo la masiku 14. Meta imakana mauthenga olonjeza machiritso amene alibe umboni, makamaka pa matenda amene munthu amakhala nawo moyo wake wonse. Apa, kunena zoona, ine ndili mbali ya Meta. Uchi ndi chakudya chabwino, koma suchiza shuga, ndipo munthu wosiya mankhwala a ku chipatala chifukwa cha uthenga wotere angathe kufa. Kuno kwathu nkhani za mankhwala zili m'manja mwa bungwe la PMRA, kotero lonjezo ngati limeneli likhoza kukupalamulitsani mlandu ngakhale kunja kwa intaneti.

Chachitatu ndi chithunzicho pamodzi ndi funso la kunenepa. Malamulo a zaumoyo amaletsa uthenga wopangitsa munthu kudziona wonyozeka chifukwa cha thupi lake pofuna kumugulitsa chinthu, ndipo zithunzi zoyerekeza thupi la kale ndi la tsopano pa nkhani yochepetsa thupi zimakanidwa kawirikawiri. Zotsatsa zochepetsa thupi zimayeneranso kupita kwa anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo basi.

Uthenga wokana ukabwera, kawirikawiri umatchula lamulo limodzi lokha. Apa ndi pomwe pali msampha woyamba. Mayiwo achotsa chithunzi, atumizanso, ikanidwanso, tsopano pa lamulo lina. Iwo aganiza kuti Facebook ikuwazonda, pamene zoona zake n'zakuti zolakwa zinalipo zitatu kuyambira pachiyambi ndipo makina anangotchula chimene anayamba kuchipeza. Mukakanidwa, musakonze malo okhawo amene atchulidwa. Werengani uthenga wonse, chithunzi chonse ndi tsamba limene linki ikupita.

Uthenga wokonzedwa ukhoza kukhala wotere: "Uchi weniweni wochokera m'nkhalango za kumpoto, wosathira madzi kapena shuga. Ulipo wosasakaniza ndi wothira jinja. Botolo la theka la lita ndi la lita imodzi. Timakubweretserani mu Mzuzu muno. Tilembereni pa WhatsApp." Chithunzi chikhale cha mabotolo enieniwo atawaika pa tebulo. Palibe lonjezo la machiritso, palibe funso lokhudza thupi la munthu. Ena amati uthenga wotere ndi wozizira, sukoka anthu. Mwina. Koma umayenda, ndipo wofuna uchi amafunsa mtengo.

Kuchoka pa adivati yokanidwa kufika pa akaunti yotsekedwa

Tsopano tiyerekeze kuti mayiwo sanakonze motero. Mnzawo wa pa msika wawauza kuti, "Amama, musavutike, makinawo ndi opusa. Ingolembani sh.u.ga, ndipo mawu oti kuchiza muwaike pa chithunzi, osati m'munsimo." Achita zimenezo. Mwina idutsadi kwa tsiku limodzi. Ikagwidwa, mlandu wasintha. Poyamba anali munthu amene sanadziwe lamulo. Tsopano ndi munthu amene akulidziwa ndipo akulizemba mwadala, ndipo kuzemba kuunika ndi umodzi mwa milandu imene Meta imaitenga mwamphamvu kwambiri. Kudula mawu ndi timadontho, kuika manambala m'malo mwa zilembo, kubisa mawu m'chithunzi, kuonetsa ounika tsamba lina pomwe makasitomala akupita kwina, zonsezi zili m'gulu limodzi. Musadalirenso kuti poti mwalemba m'Chichewa kapena m'Chitumbuka ndiye kuti palibe akumva. Chithunzi chimaoneka m'chilankhulo chilichonse, ndipo owerenga okwiya amene amadina Report ad ndi anzathu omwe.

Akaunti ya zotsatsa imakhala ndi mbiri. Adivati imodzi yokanidwa pakati pa zambiri zovomerezedwa siisuntha kanthu. Koma akaunti yatsopano, imene mwa mauthenga ake asanu oyamba anayi akanidwa pa nkhani ya machiritso, imaoneka ngati ya munthu wachinyengo, ngakhale mwini wake ali mayi woona mtima wa ku Chibavi. Makinawo samudziwa. Amangoona khalidwe la akauntiyo n'kuliyerekeza ndi la akuba amene amawatseka tsiku ndi tsiku.

Pali katundu wina amene ngakhale mutalemba mokongola bwanji sangadutse. Fodya ndi zosutira zake n'zoletsedwa. Mafuta oyeretsa khungu mosabwerera, amene amapezeka m'mashopu ambiri a zodzola, ndi oletsedwa. Katapila wobweza pasanathe masiku 90 ndi woletsedwa. Njuga imafuna chilolezo cha Meta cholembedwa musanayambe. Ndipo amene amaoda nsapato ndi majezi pa msika wa Mataifa asamale: katundu wokhala ndi chizindikiro cha Nike kapena Adidas pamene si weniweni ndi mlandu wa katundu wachinyengo, ndipo kulemba poyera kuti ndi kope sikukupulumutsani, kumangokhala kuvomera mlandu. Pa zinthu ngati zimenezi apilo ndi kutaya nthawi.

Yambani mwadziwa chimene chatsekedwa

Anthu akamati "anditsekera Facebook" amatanthauza zinthu zosiyanasiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Meta ikhoza kuletsa zinthu zinayi: munthuyo, kutanthauza akaunti yake ya Facebook, kuti asatsatsenso, akaunti ya zotsatsa, imene ili ndi nambala yakeyake ndi khadi lolipirira, peji, kapena business portfolio, imene kale inkatchedwa Business Manager, yomwe imasunga zonsezi pamodzi. Zili ngati pa msika: akhoza kutseka benchi, akhoza kulanda katundu, kapena akhoza kuthamangitsa wogulitsayo, ndipo wothamangitsidwa sathandizika pongosamukira pa benchi ina. Ngati chiletso chili pa munthu, peji yatsopano siithandiza. Ngati chili pa peji, munthuyo akhoza kukhala wosalakwa n'kumayendetsabe mapeji ena.

Malo oonera zimenezi ndi Business Support Home, imene kale inkatchedwa Account Quality. Ndi bwino kuitsegula pa kompyuta kapena pa bulawuza ya foni, chifukwa pulogalamu wamba ya Facebook siionetsa zonse. Lembani nokha adiresi iyi, osati kudina linki imene wina wakutumizirani:

```
business.facebook.com/business-support-home
```

M'menemo muona mndandanda wa maakaunti ndi mapeji anu, chimene chaletsedwa, tsiku lake, lamulo limene latchulidwa, ndi gawo la zimene mungachite. Jambulani zonsezo musanadine kalikonse.

Nthawi zambiri kuno kwathu mupeza kuti nkhani si ya malamulo n'komwe, ndi ya malipiro. Maakaunti athu amalipira m'madola. Meta siidula ndalama tsiku lililonse. Imadikira kuti ngongole ifike pa mlingo winawake kapena tsiku la bilu, ndiye n'kuyesa kutapa pa khadi. Ngati mu akaunti ya ku banki mulibe makwacha okwanira, kapena khadilo lafika pa malire a ndalama zakunja amene banki inaika, malipiro amalephera ndipo akaunti ya zotsatsa imaimitsidwa. Kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso ndi kusowa kwa ndalama zakunja, vuto ili lakhala la tsiku ndi tsiku. Chizindikiro chake n'chosavuta: mu gawo la Billing & payments muona ngongole yotsala ndi batani la Pay now. Apa sipafunika apilo. Pitani ku banki mukafunse ngati khadi likuloledwa kulipira kunja pa intaneti, ikanimo ndalama, lipirani ngongoleyo.

Choopsa ndi chimene anthu amachita khadi likakana. Amayesa la mlamu, likakana ayesa la mnzawo wa ku ofesi, kenako la munthu wina amene ali ku Joni. Makhadi atatu a maina osiyanasiyana, ena a mayiko ena, pa akaunti imodzi m'tsiku limodzi, ndi mmene wakuba makhadi amaonekera ndendende. Akaunti imatsekedwa pa chifukwa cha malipiro okayikitsa, ndipo kumasula pamenepo n'kovuta kuposa ngongole ya madola 10 imene inayambitsa zonsezi. M'nkhani ya mayi wa uchi uja muli kale chiopsezo chimenechi, poti khadi ndi la mwana wa mchemwali wawo. Chanzeru n'chakuti mwini khadiyo akhalenso mmodzi wa oyang'anira akauntiyo pogwiritsa ntchito Facebook yakeyake, m'malo mopatsana pasiwedi imodzi n'kumalowa pa mafoni osiyanasiyana.

Kukonza kapena kuchita apilo

Adivati ikakanidwa muli ndi njira ziwiri, ndipo kusankha pakati pake kumafuna kudziuza zoona. Tsegulani lamulo limene latchulidwa, muliwerenge lonse ndi zitsanzo zake, kenako mudzifunse ngati uthenga wanu walakwadi. Ngati walakwa, konzani. Mu Ads Manager, malo oyendetsera maadivati anu, mukasintha mawu kapena chithunzi n'kudina Publish, adivatiyo imabwerera yokha kokaunikidwa. Positi yobusita nthawi zambiri siilola kusintha zambiri, choncho pangani yatsopano yokonzedwa bwino. Kuchita apilo pa chinthu cholakwadi kumangobweretsa kukanidwa kwachiwiri.

Ngati mwawerenga lamulo ndipo mukuona kuti makina aphonya, ndiye nthawi ya Request review. Zimachitikadi. Wogulitsa mipeni ya kukhitchini amagwidwa ngati wogulitsa zida. Botolo la uchi kapena la juwisi wa malambe limatengedwa ngati mowa. Wosoka madiresi a ukwati amauzidwa kuti chithunzi chikuonetsa thupi mopitirira. Pamenepo musasinthe kanthu pa adivatiyo, chifukwa mukasintha ndiye kuti mwayambitsa kuunika kwatsopano m'malo mwa apilo. Sankhani adivatiyo mu Business Support Home, dinani Request review, ndipo ngati pali malo olembapo, lembani mwachidule.

Apilo ya akaunti yotsekedwa ndi yolemererapo, ndipo mwayi wake ndi wowerengeka, kotero musauwononge ndi mkwiyo. Musanadine batani, konzani m'nyumba. Woyenera kupempha ndi amene ali ndi udindo wonse pa akauntiyo. Meta ikhoza kufuna kuti muyatse kaye two-factor authentication, ija yofuna nambala yachinsinsi yapadera polowa, komanso kuti mutsimikize kuti ndinu ndani potumiza chithunzi cha chiphaso. Apa ambiri amagwa. Chiphaso cha unzika chili ndi dzina lawo lenileni, pamene pa Facebook anadzitcha dzina la bizinesi kapena la masewera, tsiku lobadwa n'kulembanso labodza. Wounika sangagwirizanitse ziwirizi. Chiphasocho chijambuleni masana, pa tebulo loyera bwino, ngodya zonse zinayi zikuoneka, popanda kuwala kobisa zilembo. Lipirani ngongole ngati ilipo. Zimitsani mauthenga ena onse ofanana ndi amene anakanidwa, ndipo muonenso peji ndi tsamba lanu ngati malonjezo a machiritso aja adakalipo.

Kalatayo ilembeni m'Chingerezi chosavuta, poti malamulowo ndi mmene analembedwera. Ikhale ya ziganizo zinayi kapena zisanu. Ya mayi wa uchi ikhoza kunena izi: ndimagulitsa uchi mu mzinda wa Mzuzu ku Malawi, akaunti yanga nambala yakuti inaletsedwa pa tsiku lakuti, ndawerenga malamulo ndipo ndaona kuti mauthenga anga anali ndi malonjezo a zaumoyo komanso mafunso okhudza matenda a owerenga, zomwe n'zosaloledwa, ndawazimitsa onse ndipo ndachotsa mawuwo pa peji, mauthenga anga a m'tsogolo adzangofotokoza katundu, mtengo ndi kaperekedwe, choncho ndikupempha kuti muunikenso. Basi.

Taonani zimene mulibe m'kalatayo. Mulibe nkhani ya fizi ya ana kapena lendi, ngakhale zili zoona ndipo zikupweteka. Mulibe kuopseza kuti mupita kukhoti. Mulibe funso lakuti bwanji ena akutsatsa zomwezo osatsekedwa; wounika sakuweruza enawo, ndipo mwina mawa atsekedwa. Chofunika kwambiri, mulibe bodza. Kulemba kuti "sindinalakwe chilichonse" pamene mbiri ya akaunti ikuonetsa shuga wolembedwa ndi timadontho n'kudzitsekera chitseko nokha. Wounikayo, kaya ndi munthu kaya makina, ali ndi funso limodzi: kodi akauntiyi ikatsegulidwa ibwerezanso? Kalata yanu iyankhe funso limenelo.

Mukatumiza, dikirani. Yankho limatha kubwera m'masiku awiri, nthawi zina limachedwa kuposa apo, ndipo limaonekera mu Business Support Home momwemo. Kudikira sikutanthauza kuiwala, chifukwa ziletso zimakhala ndi nthawi yake yochitira apilo. Mwachitsanzo, akaunti ya munthu ya Facebook ikaimitsidwa, amapereka masiku 180, ndipo akadutsa imatsekedwa kotheratu. Tsiku lomaliza likalembedwa pa chidziwitso chanu, lilembeni penapake.

Chimene simuyenera kuchita m'masiku odikirawo ndi kutsegula akaunti ina. Ndikudziwa kuti apa ndi pomwe mtima umakoka kwambiri, makamaka ngati ndi Disembala ndipo katundu wadzaza m'nyumba. Koma Meta imalumikiza maakaunti kudzera pa khadi, foni, nambala, peji ndi tsamba la pa intaneti. Akaunti yatsopano yotsatsa uchi womwewo, pa nambala ya WhatsApp yomweyo, ndi khadi lomwelo, imagwidwa msanga, ndipo imawerengedwa ngati kuzemba chilango. Mukabwereka ya mchemwali wanu, mwaika pa chiswe yake yomwe.

Akuba amene amadikira pomwepo

Munthu amene ali ndi mantha otsekeredwa peji ndi nyama yofewa. Mukangoyamba kutsatsa, mu Messenger mumayamba kufika mauthenga ochokera ku mapeji okhala ndi chizindikiro cha Meta ndi maina onga a ofesi yothandiza, onena kuti peji yanu itsekedwa pasanathe maola 24 mukapanda kudina linki. Linkiyo imakufikitsani pa tsamba looneka ngati la Facebook, lofunsa pasiwedi ndi nambala yachinsinsi ija. Mukapereka, alowa, akuchotsani pa udindo, n'kuyamba kuyendetsa malonda awo achinyengo pa khadi lanu. Mapeto ake akaunti imatsekedwadi, pa milandu imene simunapalamule.

Kuzindikira n'kosavuta. Chiletso chenicheni chimaoneka mu Business Support Home. Ngati m'menemo muli mbee, uthengawo ndi wabodza. Ngati ndi imelo, mukhoza kuona maimelo amene Meta yakutumiziranidi mu Accounts Center, pa Password and security, pa gawo la Recent emails. Ngati mwaberedwa kale, yambani ndi kuimitsa khadi ku banki, kenako pitani pa `facebook.com/hacked`, ndipo m'apilo mufotokoze tsiku limene akauntiyo inalandidwa ndi mauthenga amene si anu.

Palinso achimwene ena amene amalonjeza kuti akutsegulirani akaunti mukawatumizira ndalama pa foni, ati ali ndi munthu wawo m'kati. Apilo ndi yaulere. Wodziwa bwino ntchitoyi angakuthandizeni kuwerenga lamulo ndi kulemba kalata, ndipo kumulipira pa zimenezo palibe vuto, koma akhale nanu pamodzi, inu mutagwira foni yanu. Wofuna pasiwedi kapena chithunzi cha chiphaso chanu pa WhatsApp mukanireni.

Mawu ochepa pa za Google

Amene amatsatsa malo ogona alendo kapena maulendo a ku Nyika ndi ku Nkhata Bay nthawi zambiri amagwiritsa ntchito Google Ads. Mfundo zake n'zofanana, koma makwerero a chilango ndi olembedwa momveka. Kuyambira mu 2021, pa malamulo ena Google imayamba ndi chenjezo, kenako chilango choyamba choimitsa akaunti masiku 3, chachiwiri masiku 7, chachitatu n'kutseka, ngati mwabwereza kulakwa komweko pasanathe masiku 90. Milandu ikuluikulu, monga kuzemba kuunika kapena kugulitsa katundu wachinyengo, imatseketsa akaunti nthawi yomweyo popanda chenjezo. Apilo ya adivati imachitikira mu Policy manager. Google imayang'anitsitsa kwambiri tsamba limene adivati ikupita: linki yakufa, tsamba losatseguka, kapena mtengo wosiyana ndi umene mwatsatsa ndi zifukwa zokwanira kukanira. Tsamba la loji likagwa chifukwa simunalipire malo ake osungira, adivati imagwa nalo.

Yankho likabwera

Akaunti ikatsegulidwa, musabwerere ndi liwiro. Yambani ndi uthenga umodzi wosakayikitsa konse, wa ndalama zochepa, uyende mpaka kumapeto, bilu ilipiridwe bwino. Mauthenga akale okanidwa aja musawayatsenso. Onjezani munthu wachiwiri wodalirika ngati woyang'anira peji kudzera pa akaunti yakeyake, kuti tsiku lina mmodzi akaletsedwa peji isakhale yopanda mwini.

Nthawi zina yankho limabwera lakuti chigamulo ndi chomaliza, ndipo batani la Request review limazimiririka. Ngati akaunti yanu ili ndi mwayi wolankhula ndi ogwira ntchito ku Meta kudzera mu Business Support Home, yesani kamodzi, mutakonzekera nambala ya akaunti ndi zithunzi zimene munajambula zija. Si maakaunti onse amene ali ndi mwayiwu. Zikakanika, onaninso bwino chimene chaletsedwa. Kawirikawiri chiletso cha zotsatsa chimangokhudza mauthenga olipira. Peji imakhalapobe, mukhoza kulembapo, kuyankha makasitomala ndi kugawa mapositi m'magulu a malonda a mu Mzuzu. Manambala a makasitomala amene anakulemberani pa WhatsApp ali mu foni yanu. Akopereni m'kope kapena mu fayilo ina lero lomwe, muwagawe m'magulu malinga ndi dera, ndipo mupemphe chilolezo chawo musanayambe kuwatumizira mitengo ya sabata iliyonse.